Kodi makina anu akulankhula ndi yani? Kusaka adiresi yachilendo ndi Wireshark

Bandulo ya intaneti ya paofesi ikamatha mwezi usanafike pakati, chala chimathamangira kuloza antchito: uyu akuonera mpira, uyo akutsitsa mafilimu. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma paofesi pamakhalanso zipangizo zimene palibe amene amazikhalira pafupi, monga pulinta, rekoda yosunga zithunzi za makamera achitetezo, ngakhale rauta imene. Nazo zimatumiza ndi kulandira zinthu usana ndi usiku, ndipo sizipempha chilolezo kwa bwana. Funso lakuti chipangizo chakutichakuti chikulankhula ndi yani lili ndi yankho lenileni, lokhala ndi manambala, ndipo pulogalamu yaulere yotchedwa Wireshark imatha kulipereka.

Pulogalamuyi anaiyambitsa ndi Gerald Combs mu 1998, pa nthawiyo ikutchedwa Ethereal, ndipo dzina la Wireshark linabwera mu 2006. Zonse zoyenda pa netiweki zimayenda m'timagawo ting'onoting'ono totchedwa mapaketi, ndipo paketi iliyonse imanyamula adiresi ya kumene yachokera ndi ya kumene ikupita. Wireshark imakopera mapaketi odutsa pamalo amene mwaitchera n'kuwasunga mu fayilo, kawirikawiri yothera ndi `.pcapng` kapena `.pcap`. Fayiloyo mungathe kuitsekula mawa, pa kompyuta ina, intaneti itazimitsidwa. Vuto ndi kuchuluka kwake. Ola limodzi lokha lingabereke mizere zikwi mazanamazana, ndipo palibe maso amene angaiwerenge umodziumodzi. Apa m'pamene pamalowera sefa.

Masefa a Wireshark alipo amitundu iwiri, ndipo anthu amawasokoneza. Pali sefa yotchera pojambula, imene imasankhiratu zolowa mu fayilo. Chimene yakana chapita, simudzachionanso. Palinso sefa yoonetsera, imene mumailemba m'kabokosi kam'mwamba mutatsekula fayilo. Iyi sifufuta kanthu. Imangobisa mizere imene simukuifuna pakali pano, ndipo mukaichotsa zonse zimabwerera. Kalembedwe ka masefa awiriwa n'kosiyana, moti mukalemba `host 192.168.1.40` m'kabokosi koonetsera, kabokosiko kamafiira posonyeza kuti sikanamve. Kakabiriwira ndiye kuti kalembedwe kali bwino. Koma dziwani msanga kuti kubiriwirako kumangovomereza kalembedwe. Sikutsimikiza kuti mwafunsa funso loyenera, ndipo tiona kutsogoloku sefa yobiriwira bwinobwino imene imanamiza.

Simungasake chimene simukuchidziwa

Adiresi yachilendo simungailembe mu sefa, pakuti mukanakhala kuti mukuidziwa sikanakhala yachilendo. Njira yake ndi yozungulira: mumayamba mwachotsa onse odziwika. Zili ngati paukwati pamene chakudya chikuperewera ndipo ankhoswe akufuna kudziwa amene wabwera wosaitanidwa. Safunsa kuti wosaitanidwa aimirire. Amati akuchimuna khalani uku, akuchikazi uko, a kwaya apo, ndipo otsala pakati ndiwo ofunika kufunsidwa. Ena mwa otsalawo apezeka kuti ndi abale oiwalika chabe.

Choncho ntchito imayambira papepala, fayilo isanatsekulidwe. Tiyerekeze ofesi yaing'ono imene zipangizo zake zonse zili ndi maadiresi oyamba ndi 192.168.1. Rauta ili pa 192.168.1.1, kompyuta ya bwana yoonera makamera ili pa 192.168.1.10, ndipo rekoda ya makamera ili pa 192.168.1.40. Wosamalira netiweki, atalolezedwa ndi eni ofesi, wajambula kwa ola limodzi zonse zolowa ndi zotuluka mu rekodayo. Anachita kukonza swichi ya paofesipo kuti izikopera zodutsa pa chingwe cha rekoda n'kuzitumiza ku laputopu yake, chifukwa swichi payokha siigawira kompyuta ina zinthu zosaikhudza. Manambala onse a m'chitsanzochi ndi ongoyerekezera, ndipo maadiresi akunja amene nditchule, oyamba ndi 192.0.2, 198.51.100 ndi 203.0.113, ndi amene anapatulidwa kuti azigwira ntchito m'zitsanzo, si a munthu aliyense.

Kodi rekoda imeneyi iyenera kulankhula ndi yani? Ndi makamera ake, ndi kompyuta ya bwana, ndiponso ndi rauta pofunsa maina. Onsewa ndi a m'nyumba. Eni ofesi akuti saonera makamera pa foni akakhala kunyumba, ndiye palibe chifukwa chachikulu choti rekodayo izituluka panja. Ndasankha rekoda dala. Laputopu ya munthu wotsekula masamba a pa intaneti imalankhula ndi maadiresi ambirimbiri m'mphindi zochepa, ndipo ambiri mwa iwo mwini wake sanawamvepo. Chipangizo cha ntchito imodzi chili ndi anzake owerengeka, ndipo mlendo amaonekera msanga.

Sefa yoyamba ndi yongosiya zimene rekoda yatumiza:

```
ip.src == 192.168.1.40
```

Mawu akuti `ip.src` ndi adiresi ya wotumiza, `ip.dst` ndi ya wolandira, ndipo zizindikiro ziwiri zofanana zikutanthauza kuti zigwirizane ndendende. Mukadina Enter yang'anani pansi pa windo, pamene palembedwa Packets ndi Displayed. Nambala yoyamba ndi mapaketi onse a mu fayilo, yachiwiri ndi amene apulumuka sefa. Khalani ndi chizolowezi choyang'ana manambala awiriwa nthawi iliyonse mukasintha sefa, chifukwa ndi amene amakuuzani ngati mwachotsa zochepa kapena mwasesa zonse.

Tsopano tichotse a m'nyumba:

```
ip.src == 192.168.1.40 && !(ip.dst == 192.168.1.0/24)
```

Chizindikiro cha `&&` chikuti zonse ziwiri zikhale zoona, ndipo `!` akukana zimene zili m'mabulaketi. Ka `/24` kakumapetoko n'kamene kakugwira ntchito yaikulu. Adiresi yamtunduwu ili ndi mabiti 32, asanu ndi atatu pa nambala iliyonse mwa zinayizo, ndiye `/24` akuti yang'ana manambala atatu oyamba okha, lachinayi likhale lililonse kuyambira 0 mpaka 255. Sefayi tingaiwerenge chonchi: ndionetse zimene rekoda yatumiza kwa wina aliyense amene si wa pa 192.168.1.

Mizere imatsika kwambiri apa, popeza zithunzi zopita ku kompyuta ya bwana ndizo zinadzaza fayilo. Koma pa zotsalazo mudzaona maadiresi ena ooneka oopsa, monga 239.255.255.250 ndi 224.0.0.251. Musadzidzimuke nawo. Maadiresi onse oyambira pa 224 mpaka 239 si a kompyuta imodzi, ndi olengezera gulu. Woyambayo amagwiritsidwa ntchito ndi zipangizo polengeza kuti zilipo pa netiweki, wachiwiriyo pofunsana maina pakati pa zipangizo zoyandikana. Nayo 255.255.255.255 ndi yofuulira onse a m'nyumba, monga pamene chipangizo chikupempha adiresi chikangoyatsidwa. Tiziike pamodzi zonsezi m'ndandanda umodzi:

```
ip.src == 192.168.1.40 &&
!(ip.dst in {192.168.1.0/24, 224.0.0.0/4, 255.255.255.255})
```

Polemba m'kabokosi zonsezi zimakhala mumzere umodzi. Makoma olekanitsa maadiresiwo ndi ofunika kuyambira Wireshark 4.0, malangizo akale amene mungawapeze amalekanitsa ndi mpata chabe, ndipo pa pulogalamu yatsopano kabokosi kadzafiira. Pa kampani yaikulu yokhala ndi nthambi, ena amachotsa magulu onse atatu a maadiresi a m'nyumba, amene ndi 10.0.0.0/8, 172.16.0.0/12 ndi 192.168.0.0/16. Ine sindikonda kuthamangira kutero. Ngati ofesi yanu imagwiritsa ntchito 192.168.1 yokha, ndiye paketi yopita ku adiresi yoyamba ndi 10 ndi yachilendo ndithu, ndipo kuichotsa n'kudzitseka maso. Chilichonse chimene mwaika m'ndandanda wochotsawu muyenera kutha kufotokoza chifukwa chake.

Sefa yobiriwira yonamiza

Pali dzina lachitatu, `ip.addr`, limene limakopa chifukwa ndi lalifupi ndipo limagwira mbali zonse ziwiri. Pofuna kuona zokambirana za adiresi imodzi, zopita ndi zobwera, palibe lina loposa ili. Koma likakumana ndi kukana limavuta. Taonani sefa iyi, imene munthu angalembe poganiza kuti akuti ndionetse zonse zokhudza kunja:

```
!(ip.addr == 192.168.1.0/24)
```

Kabokosi kabiriwira, ndipo pa sikirini pamatsala timizere towerengeka topanda pake, kapena osatsala kanthu. Munthu n'kupuma kuti ayi, palibe chotuluka panja. Chikhalirecho zotuluka zonse zabisika. Chifukwa chake n'chakuti paketi iliyonse ili ndi `ip.addr` ziwiri, ya wotumiza ndi ya wolandira, ndipo `==` amakhutira ngati imodzi yokha mwa ziwirizo yagwirizana. Paketi yochoka ku rekoda kupita kwa mlendo ili ndi 192.168.1.40 mbali imodzi, ndiye yagwirizana, ndipo `!` waichotsa. Paketi iliyonse yokhudza rekoda, kaya mnzake ndi wa m'nyumba kaya ndi wa kutsidya kwa nyanja, ili ndi phazi limodzi m'nyumba. Sefayi imangosiya mapaketi amene mbali zonse ziwiri ndi zakunja, ndi ena amene alibiretu adiresi yamtunduwu.

Nkhaniyi imapotanso chifukwa chizindikiro cha `!=` chinasintha tanthauzo m'kupita kwa zaka. Wireshark 3.6 isanatuluke mu 2021, `ip.addr != 192.168.1.1` inkatanthauza kuti imodzi mwa maadiresi awiriwo isakhale imeneyo. Popeza adiresi ya mbali inayo nthawi zonse inkakhala yosiyana, sefayi inkaonetsa pafupifupi chilichonse, kuphatikizapo mapaketi a 192.168.1.1 amene munthu amafuna kuwachotsa, ndipo kabokosi kankasanduka kachikasu pochenjeza. Kuyambira 3.6, `!=` amatanthauza kuti onse awiri asakhale imeneyo. Ndiye sefa imodzimodziyo, pa fayilo imodzimodziyo, ingapereke mayankho awiri osiyana pa makompyuta awiri. Mnzanu akakutumizirani sefa yokhala ndi `!=`, yambani mwaona nambala ya pulogalamu yanu pa Help, About Wireshark.

Tanthauzo lakale lija silinatayike. Kuyambira 4.0 lili ndi chizindikiro chakechake, `!==`, ndipo pa ntchito yathuyi n'lothandiza:

```
ip.addr == 192.168.1.40 && ip.addr !== 192.168.1.0/24
```

Apa tikuti mbali imodzi ikhale rekoda, ndipo pakhale mbali imodzi yosakhala ya m'nyumba. Zopita ndi zobwera zonse zimaoneka. Komabe kwa woyamba kumene ndimalangiza `ip.src` ndi `ip.dst`, chifukwa sefa yake imawerengeka ngati chiganizo, ndipo m'mapaketi wamba dzina lililonse limaimira adiresi imodzi.

Njira yoyesera sefa yokana ndi yapafupi. Pezani paketi imodzi imene mukudziwa kuti inapita kunja, lembani nambala yake imene ili kumanzere kwenikweni pansi pa No., kenako ikani sefa yanu. Ngati paketiyo yasowa, sefa ndi yolakwika, ngakhale kabokosi katabiriwira bwanji.

Palinso khomo lakumbuyo loyenera kuliyang'ana. Maina onse oyamba ndi `ip.` amaona maadiresi a IPv4 okha, aja a manambala anayi. Zipangizo zambiri zamakono zimathanso kulankhula pa IPv6, imene maadiresi ake ndi aatali, osakaniza manambala ndi zilembo. Ngati netiweki yanu ili nayo, rekoda ingatulukire kumeneko masefa athu onse aja osaona kanthu. Funsani padera:

```
ipv6.dst == 2000::/3
```

Gulu limeneli ndi la maadiresi a IPv6 oyenda pa intaneti yapoyera. Oyamba ndi `fe80` ndi a m'nyumba, oyamba ndi `ff` ndi olengezera gulu, ndipo onsewa sefayi siiwaonetsa. M'chitsanzo chathu sipakutuluka kanthu, ndiye tingabwerere kumene tinali.

Atsala atatu

Ngakhale titasefa chonchi, mizere ingatsalebe zikwi zingapo, koma maadiresi ake ndi ochepa. Kuti muwaone mosabwereza, tsekulani Statistics, kenako Conversations, sankhani tsamba la IPv4, ndipo chongani kabokosi kolembedwa Limit to display filter. Mukaiwala kuchonga, ndandanda udzakhala wa fayilo yonse ngati kuti simunasefe. Mzere uliwonse tsopano ndi zokambirana za maadiresi awiri, pamodzi ndi chiwerengero cha mapaketi ndi mabaiti opita mbali iliyonse. Chenjerani pang'ono apa: ngati sefa yanu ndi ya `ip.src`, mbali ya zobwera idzaonetsa ziro, osati chifukwa mlendo sanayankhe koma chifukwa mwabisa mayankho ake. Pofuna kuyerekeza zopita ndi zobwera gwiritsani ntchito sefa ya `!==` ija.

Tinene kuti patsala maadiresi atatu akunja: 198.51.100.20, 192.0.2.55 ndi 203.0.113.77. Aliyense timufunse payekha.

Woyamba ali ndi mapaketi ochepa, aang'onoang'ono. Mukalemba `ip.addr == 198.51.100.20` gawo la Protocol likuonetsa NTP, ndipo nambala ya khomo, imene pa sikirini imatchedwa Port, ndi 123. Uku n'kufunsa nthawi. Rekoda imafunika wotchi yolondola kuti tsiku ndi ola zolembedwa pa zithunzi zikhale zoona. Ameneyu ndi m'bale woiwalika. Mulembeni papepala lija, muwonjezereni m'ndandanda wochotsa.

Wachiwiri analankhulidwa kamodzi kokha, pa khomo 443, ndipo zokambiranazo ndi zobisika. Zam'kati simungaziwerenge, koma dzina la kumene zinapita nthawi zambiri limapezeka, ndipo pali malo awiri olifunira. Chipangizo chisanapite kwa seva yakutali chimayamba chafunsa DNS, imene imasandutsa dzina kukhala adiresi. Ndiye tifunse kuti ndi yankho liti la DNS limene linapereka adiresi imeneyi:

```
dns.a == 192.0.2.55
```

Pakutuluka mzere umodzi, yankho lochokera kwa rauta, ndipo gawo la Info likuonetsa dzina limene linafunsidwa. Malo achiwiri ndi moni woyamba wa kulumikizana kobisika, wotchedwa Client Hello, umene kawirikawiri umanyamula dzina la seva poyera:

```
ip.dst == 192.0.2.55 && tls.handshake.type == 1
```

Mukadina paketiyo n'kutambasula zigawo zake m'windo lapakati, mudzapeza Server Name. M'chitsanzo chathu maina awiriwa akugwirizana, ndipo ndi dzina la kampani imene inapanga rekodayo, pa seva yake yofunsira ngati kwatuluka pulogalamu yatsopano. Werengani dzinalo chilembo ndi chilembo, kuyambira kumanja, chifukwa mbali yakumapeto ndi imene imanena mwini wake. Dzina la kampani lingaikidwe kutsogolo ndi aliyense. Likakhala loona, ameneyu ndi wosayembekezeka koma womveka. Eni ofesi angasankhe kumulola kapena kumutseka.

Wachitatu ndiye wovuta. Conversations ikuonetsa kuti mu ola limodzi rekoda yatumiza mamegabaiti 48 kwa 203.0.113.77, ndipo zobwera sizikukwana ngakhale megabaiti imodzi. Chipangizo chimene chikutsitsa pulogalamu yatsopano chimalandira zambiri n'kutumiza zochepa. Apa zatembenuka: katundu akutuluka. Sefa ya `dns.a == 203.0.113.77` sikupeza kanthu, ndipo khomo lake ndi 8443. Pa khomo losazolowereka Wireshark nthawi zina imangolemba TCP osazindikira zimene zili m'kati. Mungadine paketi ndi batani lakumanja, kusankha Decode As, n'kuiuza kuti iyese TLS. Tinene kuti tatero, Client Hello waoneka, koma alibe dzina la seva.

Kusowa kwa DNS kokha si umboni wa mlandu. Mwina rekoda inafunsa dzinalo kujambula kusanayambe n'kusunga yankho, mwinanso imafunsa maina kudzera m'njira yobisika. Koma n'zothekanso kuti adiresiyo inalembedwa m'kati mwa pulogalamu ya rekoda, ndipo sifunikira kufunsa aliyense. Kuti musiyanitse, jambulaninso kuyambira pamene rekoda ikuyatsidwa, isanasunge yankho lililonse.

Chotsatira ndi nthawi. Kulumikizana kulikonse kwa TCP kumayamba ndi paketi yogogoda, yokhala ndi chizindikiro cha SYN popanda ACK. Tisiye zogogoda zokhazo:

```
ip.dst == 203.0.113.77 &&
tcp.flags.syn == 1 && tcp.flags.ack == 0
```

Patsala mizere 60. Tsopano pitani pa View, Time Display Format, musankhe Seconds Since Previous Displayed Packet. Gawo la Time lisiya kuonetsa nthawi yochokera poyambira, liyamba kuonetsa mpata wa pakati pa mzere ndi unzake wam'mwamba. Mizere yonse ikuonetsa masekondi 60, kusiyana kwake kochepetsetsa. Munthu satero. Bwana woonera makamera pa foni amatsekula pamene wakumbukira, amayang'ana mphindi zingapo, n'kuiwala mpaka madzulo. Kugogoda kwa mphindi iliyonse mosaphonya ndi kwa pulogalamu. Sefayi yatiuzanso china: popeza SYN akuchokera kwa rekoda, ndi rekodayo imene ikuimba, osati wakunja kulowa. N'chifukwa chake rauta sinatchinge kanthu. Marauta ambiri a m'maofesi ang'onoang'ono amakana olowa osaitanidwa koma amalola aliyense wa m'nyumba kutuluka.

Mukaona m'malo mwake mipata ya sekondi 1, kenako 2, kenako 4, ndipo mizereyo yalembedwa TCP Retransmission, nkhani ndi ina: chipangizo chikugogoda koma sichikuyankhidwa, ndiye chikubwereza. Kumbukiraninso kuti sefa ya SYN siona UDP, pamene zambiri za masiku ano zimayenda pa QUIC, imene imakwera pa UDP, khomo 443. Ndi sefa yopimira adiresi imene mwaipeza kale. Musaigwiritse ntchito poyamba kusaka.

Tiwerengere tsopano. Mamegabaiti 48 pa ola, kwa maola 24, ndi mamegabaiti 1,152 pa tsiku. Kwa masiku 30 akupitirira magigabaiti 30. Bandulo ija yapezeka kumene imapita, ndipo antchito analibe mlandu.

Pamene Wireshark imalekezera

Zimene tapeza n'zolimba: chipangizo chakuti, adiresi yakuti, khomo lakuti, mphindi iliyonse, zotuluka zochuluka kuposa zolowa. Zimene sitinapeze ndi cholinga. Marekoda ambiri amabwera ndi njira yoonera makamera pa foni kudzera pa seva ya kampani, ndipo woika makamera angaisiye yoyaka osauza eni ake. Maonekedwe ake mu fayilo angafanane kwambiri ndi zimene taonazi. Komanso makamera ndi marekoda osiyidwa ndi mawu achinsinsi a kufakitale akhala akulandidwa ndi akuba a pa intaneti. Pulogalamu yoipa ya Mirai mu 2016 inalanda zipangizo zambirimbiri zotere poyesa maina ndi mawu achinsinsi odziwika. Fayilo payokha siingagamule kuti apa ndi ziti mwa ziwirizi.

Mwini wa adiresi mungamufufuze pa kompyuta ina ndi lamulo la `whois`, limene limafunsa mabungwe asanu ogawa maadiresi pa dziko lapansi. La kuno ku Africa ndi AFRINIC. Koma yankho lake kawirikawiri limakhala kampani yobwereketsa maseva, imene makasitomala ake ndi abwino ndi oipa omwe. Dzina la dziko limene latuluka pamenepo lisakupangitseni kugamula mlandu. Ndipo musatsekule adiresiyo mu bulawuza ya paofesi pofuna kuona kuti kuli chiyani, chifukwa ngati kulidi munthu woipa mwamudziwitsa kuti mwamuona. Pa chifukwa chomwecho samalani ndi Resolve Network Addresses pansi pa View, Name Resolution: mukaiyatsa, Wireshark ingayambe kufunsa DNS za maadiresi a mu fayilo, kompyuta yanu n'kuyamba kutulutsa mafunso amene simunafune.

Malo ojambulira nawo amaika malire. Fayilo yojambulidwa kunja kwa rauta imaonetsa zipangizo zonse za paofesi ngati adiresi imodzi, ndipo simungadziwe kuti wotumiza ndi rekoda kapena pulinta. Adiresi ya m'nyumba imathanso kusintha mwini, popeza rauta imabwereketsa maadiresi kwa nthawi. Tsimikizani kuti 192.168.1.40 inalidi rekoda pa ola limenelo poyerekeza nambala ya `eth.src` mu paketi ndi nambala ya MAC, imene kawirikawiri imalembedwa pa chipepala chomatidwa pa chipangizocho kapena imapezeka m'menyu yake. Ndipo ola limodzi ndi ola limodzi basi. Chipangizo chimene chimatuluka kamodzi pa tsiku, usiku anthu ataweruka, sichidzaoneka mu fayilo ya masana ngakhale sefa italembedwa mwaluso chotani.

Pa ofesi ya m'chitsanzo chathu chochita n'choonekeratu. Sungani umboni poyamba: ikani sefa ya `ip.addr == 203.0.113.77`, pitani pa File, Export Specified Packets, musankhe Displayed, kuti mukhale ndi fayilo yaing'ono ya zokambirana zokhazo. Imeneyi ndiyo yoyenera kutumiza kwa woika makamera kapena katswiri wina, osati fayilo yonse, imene ingakhale ndi zithunzi za m'ofesi ngakhalenso mawu achinsinsi oyenda poyera. Kenako tsekani pa rauta kuti rekoda isatulukenso panja, lowani m'menyu yake muone ngati njira yoonera pa foni ili yoyaka, ndipo sinthani mawu achinsinsi. Mukazimitsa njirayo, tsekulaninso pa rauta kwa kanthawi, jambulani ola lina, muikenso sefa ya SYN ija. Kugogoda kukasiya, gwero lake linali lomwelo. Kukapitirira, rekodayo musaikhulupirirenso: ichotseni pa netiweki mpaka itaikidwanso pulogalamu yatsopano yochokera kwa amene anaipanga.